Msambo ukapitirira sabata: zoyamba kufufuza kwa mtsikana ndi kwa mayi wa zaka za m'ma 30

Akazi ambiri amasamba masiku 3 mpaka 7, ndipo madokotala amaona kuti msambo watalika ukamafika masiku oposa 7 kapena 8. Zikachitika mwezi umodzi wokha, magazi ake n'kukhala ochepa, nthawi zambiri sipakhala chodetsa nkhawa. Nkhani imakula zikamabwerezabwereza, chifukwa thupi limataya magazi mofulumira kuposa mmene limawabwezera, ndipo munthu amafooka pang'onopang'ono osazindikira. Mtsikana wa zaka 14 ndi mayi wa zaka 36 akhoza kudandaula mofanana kuti akutha masiku 10 ali kumwezi, koma zimene zimayambitsa vutoli mwa awiriwa kawirikawiri zimasiyana, choncho kafufuzidwe kake nakonso kamasiyana. Kwa mtsikana timayamba taganizira za kayendedwe ka mahomoni kamene sikanakhazikike ndiponso za magazi amene saundana bwino. Kwa mayi wa zaka za m'ma 30 timayamba taganizira za chinthu chimene chili m'chiberekero kapena pakhomo pake, ndipo sitiyenera kumuuza kuti adikire tisanamupime.

Zoyamba kwa onse awiri

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kunja kuche, kaya munthu ali ndi zaka zingati. Ngati padi kapena nyanda ikudzaza ola lililonse kwa maola 2 kapena kuposa, ngati munthu akuchita chizungulire akaimirira kapena wakomoka, ngati mtima ukugunda kwambiri ndiponso akuchita befu atangokhala pansi, pezani galimoto mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso ngati magaziwo akubwera ndi ululu waukulu mbali imodzi ya pachinena, kapena thupi latentha ndipo kumaliseche kukutuluka zonunkha. Kwa okhala mu Mzuzu, zoterezi zimathera ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, kumene angathe kuika munthu magazi ndi kuchita opareshoni ngati pafunika kutero.

Ngati zizindikiro zoopsazo palibe, pali zoyeza ziwiri zimene siziyenera kudumphidwa. Choyamba ndi kuyeza mimba pogwiritsa ntchito mkodzo, chifukwa mimba imene ikupita padera ndiponso mimba imene yakhala m'chubu zimaoneka ngati msambo umene wachedwa kenaka n'kukana kusiya. Makolo ena amakhumudwa namwino akafuna kuyeza mwana wawo wa sukulu, koma kuyezako si kumuneneza mwanayo, ndi njira yotsekera khomo la chinthu chimene chingaphe munthu m'maola ochepa. Ndi bwino mayi atuluke pang'ono kuti mtsikanayo alankhule yekha ndi namwino, pakuti pali zimene mwana sanganene mayi ake ali pomwepo, makamaka ngati wina anamukakamiza. Chachiwiri ndi kuyeza kuchuluka kwa magazi, kumene pakabuku ka kuchipatala amalemba kuti Hb. Kwa mkazi amene si woyembekezera, nambala yochepera 12 imasonyeza kuti magazi achepa, ndipo yochepera 8 imasonyeza kuti achepa kwambiri. Nambala imeneyi ndi imene imatiuza ngati pali mpata woyang'anira kaye kapena tiyenera kuchitapo kanthu lero lomwe, chifukwa kuyang'ana m'zikope ndi m'manja kumaphonya anthu ambiri amene magazi awo atsika ndithu.

Chida chachitatu chili kunyumba, ndipo ndi kalendala. Kwa miyezi 3 lembani tsiku limene magazi ayamba, tsiku limene asiya, mapadi amene mwasintha patsiku, ndiponso ngati munatuluka magazi oundana aakulu kuposa chitsekerero cha botolo la zakumwa. Zolembazi zimayankha funso limene limagawa nkhaniyi pawiri: kodi msambo ukubwera pa nthawi yake koma ukutalika, kapena ukubwera mosadziwika tsiku? Msambo wobwera mosokonekera umaloza ku mahomoni, pamene wobwera pa nthawi yake koma wotalika ndi wochuluka umaloza ku chiberekero chenichenicho kapena ku magazi osaundana.

Chifukwa chake mtsikana amatalikitsa

Msambo wolongosoka umadalira kuti dzira likhwime ndi kutuluka mwezi uliwonse. Dzira lisanatuluke, homoni ya esitirojeni imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Dzira likatuluka, thumba la mazira limayamba kupanga homoni ina ya pulojesiteroni, imene imalimbitsa khungu lija, ndipo ngati mimba sinachitike homoniyi imatsika pakapita pafupifupi masiku 14, khungu lonse n'kuchokera pamodzi m'masiku ochepa. Mtsikana amene wangotha msinkhu, makamaka m'zaka 2 kapena 3 zoyambirira, amakhala ndi miyezi yambiri imene dzira silituluka, chifukwa ubongo ndi thumba la mazira zimakhala zisanayambe kumvana bwino. Pamenepo esitirojeni imapitiriza kumanga khungu lija popanda pulojesiteroni yolilimbitsa. Zimakhala ngati khoma la njerwa zosanjikizidwa popanda matope, limene limagumuka apa lero, apo mawa, osagwa lonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake mtsikana amatha milungu 6 kapena 8 osasamba, kenaka n'kusamba masiku 12, kawirikawiri popanda kupweteka kwenikweni kwa m'mimba.

Achikulire akamanena kuti "ndi kukula kumeneko, zisiya zokha" amakhala akunena zoona kwa atsikana ambiri, ndipo ine sindiwatsutsa. Chimene ndimakana ndi kunena mawuwo magazi asanayezedwe, chifukwa mwana amene akukula amafuna kale ayironi yambiri, ndipo akamataya magazi masiku 12 mwezi ndi mwezi amayamba kusinza m'kalasi, kupweteka mutu ndi kulephera kukwera chitunda chimene anzake akukwera akucheza. Ena amafika polakalaka kudya dothi, chimene kawirikawiri chimakhala chizindikiro chakuti ayironi yatha m'thupi.

Pali gulu lina la atsikana limene limaphonyedwa kawirikawiri, ndipo ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri. Awa ndi amene magazi awo saundana bwino chibadwire, monga odwala matenda a von Willebrand kapena amene timaselo toundanitsa magazi tawo ndi tochepa. Msambo woyamba ndiwo umaulula vutoli, popeza mwana amakhala asanakumanepo ndi chinthu china chomutayitsa magazi ambiri. Funsani mafunso awa mosathamanga: kodi msambo unali wochuluka kuyambira woyamba weniweniwo? Kodi mwanayu amatuluka kamfuno kopitirira mphindi 10? Kodi nkhama zimatuluka magazi akamatsuka mano, kapena anataya magazi ambiri atazulidwa dzino? Kodi thupi limachita zipsera zakuda asanamenyedwe ndi kanthu? Kodi mayi ake, azakhali ake kapena agogo ake anaikidwapo magazi pobereka? Funso lomalizali limasocheretsa mabanja, chifukwa mayi amene nayenso amasamba masiku 10 kuyambira ali mtsikana amauza mwana wake kuti "ndi za kumtundu kwathu, mwanangu, usadandaule", osadziwa kuti chimene chikuyenda kumtunduko ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Yankho likakhala inde pa limodzi la mafunsowa, pemphani kuti ayeze magazi onse, kuphatikizapo timaselo toundanitsa tija, ndipo mwanayo asamwe asipulini kapena bulufeni mpaka dokotala atanena, chifukwa mankhwala awiriwa amafooketsa kuundana kwa magazi.

Ngati papita zaka zoposa 3 chiyambireni kusamba koma msambo ukadali wosokonekera, sitinganenenso kuti ndi kukula chabe. Pamenepo dokotala amaganizira za vuto la mahomoni limene limabwera ndi ziphuphu zambiri, tsitsi lomera pachibwano ndi kunenepa, kapena vuto la chithokomiro. Mtsikana amene anayamba zogonana ayezedwenso matenda opatsirana pogonana, chifukwa khomo la chiberekero likatupa limatuluka magazi mosavuta.

Mayi wa zaka za m'ma 30

Pa msinkhu uwu mahomoni amakhala atakhazikika kalekale, ndipo nthawi yosiya kusamba imakhala ikadali kutali, popeza akazi ambiri amasiya ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Choncho mayi amene wakhala akusamba masiku 4 kwa zaka zambiri, kenaka n'kuyamba kufika masiku 9 kapena 10, pali chimene chasintha ndipo chiyenera kupezeka. Mimba ikatsimikizika kuti palibe, funso lotsatira ndi la njira yolera.

Jakisoni wa Depo wa miyezi 3 uliwonse ndiponso timapulasitiki ta pamkono, monga Impulanoni ya zaka 3 ndi Jadelo ya zaka 5, zili ndi homoni ya mtundu umodzi imene imapepuza khungu la m'chiberekero, ndipo timitsempha take timatha kumadontha magazi ochepa kwa masiku ambiri. Izi zimachitika kwambiri m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Kwa obayitsa jakisoni zimachepa ndi nthawi, moti chaka chikamatha ambiri amasiyiratu kusamba, ndipo kusiyako sikutanthauza kuti magazi akuunjikana m'mimba monga ena amanenera. Kwa a pamkono kusokonekerako kukhoza kupitirira nthawi yaitali. Lupu ya kopa ilibe homoni, koma imachulukitsa ndi kutalikitsa msambo makamaka m'miyezi yoyambirira. Zonsezi zili ndi chithandizo kusikelo ya zolera, monga bulufeni kwa masiku 5 kapena mapiritsi olera kwa kanthawi, ndipo mayi ali ndi ufulu wopempha kusintha njira ngati zamutopetsa. Koma pali malire amene ndikufuna amveke bwino. Magazi akayamba mwadzidzidzi mwa mayi amene wakhala pa njira yomweyo zaka 2 popanda vuto, kapena akamatuluka atatha kugona ndi mwamuna, sitiyenera kungoti ndi jakisoni. Mayi ameneyo aonedwe khomo la chiberekero.

Ndikunenetsa zimenezi chifukwa Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo imayamba kuoneka pa msinkhu womwewu. Zizindikiro zake zoyambirira ndi magazi otuluka pambuyo pogonana, magazi a pakati pa misambo iwiri, ndi madzi onunkha kapena osakanikirana ndi magazi, zimene mayi angazione ngati msambo umene sukutha. Kuunika khomo la chiberekero ndi viniga kumachitika kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, kumatenga mphindi zochepa, ndipo zilonda zoyambirira zikapezeka zimatha kuwotchedwa zisanasanduke khansa. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzake, choncho amaunikidwa pafupipafupi. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa imeneyi, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, kutanthauza kuti amayi ambiri a zaka za m'ma 30 lero sanalandire, ndipo chitetezo chawo ndi kuunikidwa basi.

Chinanso chofala ndi zotupa za m'chiberekero zotchedwa mafayibuloidi, zimene zimamera mu mnofu wa chiberekero, si khansa, ndipo zimapezeka kwambiri mwa akazi achikuda. Chimene chimatayitsa magazi kwenikweni si kukula kwa chotupa koma malo ake: kachotupa kakang'ono kotulukira m'kati mwa chiberekero kamatayitsa magazi kuposa chotupa chachikulu chomera kunja kwake. Msambo umabwerabe pa tsiku lake, koma umatalika, umachuluka ndipo umakhala ndi magazi oundana, ndipo chotupa chikakula mayi amakodza pafupipafupi kapena amamva kulemera pachinena. Sikani ndi imene imatsimikiza. Msambo wotalika wobwera ndi ululu waukulu umene ukukulirakulira chaka ndi chaka, makamaka mwa mayi amene anaberekapo, ukhoza kuchokera ku khungu la m'kati limene lalowerera mu mnofu wa chiberekero.

Popeza anthu ambiri a mu Mzuzu anakulira kunyanja kapena amapitako kawirikawiri, ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena ku Karonga, likodzo nalonso liyenera kutchulidwa. Mazira a tizilombo ta likodzo samathera m'chikhodzodzo mokha, amakhalanso pakhomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, n'kuchititsa tizilonda totuluka magazi tikakhudzidwa. Izi zimagwira atsikana ndi amayi omwe, ndipo zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Muuzeni namwino ngati munasambapo kapena kuchapa m'nyanja, pakuti mankhwala ake a purazikwantelo amamwedwa tsiku limodzi molingana ndi kulemera kwa thupi.

Anthu awiri a nyumba imodzi

Tiyerekeze kuti ku Chiputula kuli mtsikana wa zaka 14 amene amakhala ndi azakhali ake a zaka 36, ndipo onse awiri apita ku chipatala cha Mapale ndi dandaulo lofanana. Mtsikanayo anatha msinkhu chaka chatha. Kalendala yake ikusonyeza kuti anasamba mu Febuluwale, anadumpha Malichi, kenaka mu Epulo anasamba masiku 12, akusintha mapadi 4 kapena 5 patsiku. Mimba palibe, kamfuno sachita, anazulidwapo dzino popanda vuto, ndipo Hb yake ndi 10.2. Zonsezi zikuloza ku miyezi imene dzira silikutuluka. Safunika sikani kapena kupimidwa m'kati ngati sanayambe zogonana. Amapatsidwa mapiritsi a ayironi, ndipo popeza palibe chosonyeza kuti magazi ake saundana bwino amaloledwa kumwa bulufeni wa mamiligalamu 400 katatu patsiku atadya m'masiku ochuluka magazi, ndipo amauzidwa kubweranso pakatha mwezi kuti ayezedwenso. Ayironi ikamagwira ntchito, Hb imakwera ndi pafupifupi 1 kapena kuposa m'mwezi woyamba, ndipo mapiritsi amapitirizidwa miyezi 3 ina magazi atabwerera, kuti thupi lisungeko yapadera.

Msambo wotsatira ukadzatalikanso, dokotala angamupatse mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri kwa miyezi 3 mpaka 6. Apa ndi pamene mabanja ambiri amabwerera m'mbuyo, azakhali n'kufunsa kuti "adokotala, mwana wa sukulu mukumupatsiranji zolera?" Funsolo ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi lakuti mapiritsiwo ali ndi homoni yofanana ndi imene thupi la mwanayo silikupanga mokwanira, amalimbitsa khungu la m'chiberekero kuti lichokere pamodzi, ndipo samuchititsa kudzakhala wosabereka. Hb ikanakhala 7, kapena akanayankha inde pa mafunso a kamfuno ndi dzino aja, nkhani ikanasintha: akanatumizidwa ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, bulufeni akanaletsedwa, ndipo akanayezedwa za kuundana kwa magazi.

Azakhali aja ali ndi ana atatu ndipo anatseketsa, choncho za jakisoni kapena lupu palibe. Msambo wawo umabwera masiku 28 aliwonse osaphonya, koma kwa chaka chathunthu wachoka pa masiku 4 kufika pa 10, m'masiku awiri oyamba amadzuka usiku kukasintha, ndipo amatuluka magazi oundana. Mimba amayezedwabe ngakhale anatseketsa, chifukwa mwa apo ndi apo kutseketsa kumalephera, ndipo ikatero mimbayo imatha kukhala m'chubu. Zotsatira zasonyeza kuti mimba palibe, ndipo Hb yawo ndi 8.9. Msambo wosunga nthawi chonchi ukusonyeza kuti mazira akutuluka bwino, motero kuwapatsa mapiritsi a mahomoni n'kuwabweza kunyumba kungakhale kuphimba chinthu chimene sichinaonedwe. Namwino waunika khomo la chiberekero ndipo lili bwino, koma pogwira pamimba wamva kuti chiberekero chakula. Sikani yaonetsa chotupa cha masentimita 5 chokankhira m'kati.

Chithandizo chawo chili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi kuchepetsa magazi ndi kubwezera otayika: ayironi tsiku lililonse, ndi mankhwala a thiranekisamiki asidi pamene alipo, amene amamwedwa galamu imodzi katatu patsiku m'masiku 4 okha oyamba a msambo, ndipo saperekedwa kwa munthu amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mapiritsi a mahomoni awiri aja, amene ndi osavuta kupereka kwa mtsikana uja, kwa iwo amafuna kufunsa kaye, chifukwa saloledwa kwa mayi wa zaka 35 kupita m'tsogolo amene amasuta fodya, wodwala kuthamanga kwa magazi, kapena wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona zothwanima. Mbali yachiwiri ndi kukambirana ndi dokotala wa amayi za chotupacho. Ngati mankhwala akuthandiza ndipo Hb ikukwera, chikhoza kungoyang'aniridwa, popeza zotupazi zimanyala mayi akasiya kusamba. Ngati magazi akupitiriza kutsika, pali opareshoni yochotsa chotupa chokha kwa wofuna kudzaberekanso, kapena yochotsa chiberekero kwa amene anamaliza, ndipo chisankho chimenecho ndi cha mayiyo atamva bwino ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse.

Chithandizo chikaoneka ngati sichikugwira

Chimene chimalepheretsa kawirikawiri ndi kamwedwe ka ayironi. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi, chimene sichoopsa, ndipo ena amawachititsa nseru kapena kudzimbidwa, moti amasiya pakatha sabata osauza aliyense. Wovutika chonchi auze namwino, chifukwa kumwa piritsi atadya pang'ono kapena kudumphitsa tsiku limodzi kuli bwino kuposa kusiyiratu. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi, ndipo ndi kuzizira kwa kuno ambiri amamwera piritsi tiyi wa m'mawa. Siyanitsani ziwirizi ndi maola 2, ndipo mwerani piritsi madzi kapena mulitsatize ndi lalanje kapena gwafa. Usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, koma pazokha sizingabweze Hb ya 9 pamene magazi akutayikabe mwezi uliwonse. Hb ikapanda kukwera pakatha mwezi munthu akumwa bwinobwino, pafunika kuyeza malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo.

Cholakwika china ndi kugula asipulini kapena mankhwala a mutu okhala ndi asipulini pofuna kuthetsa kupweteka kwa msambo, zimene zimaonjezera magazi. Panado alibe vuto limeneli, ngakhale kuti sachepetsa magazi. Mankhwala ophera tizilombo ogula pagolosale sathetsa msambo wotalika pokhapokha ngati papezeka matenda amene akufuna mankhwalawo, ndipo mankhwala azitsamba olowetsa kumaliseche amatha kuyambitsa zilonda zimene zimasokoneza kuunika kwa khomo la chiberekero. Mayi amene anapita padera n'kupitiriza kutaya magazi kupitirira milungu iwiri abwerere kuchipatala, chifukwa m'chiberekero mukhoza kukhala mutatsalira zina zofunika kuyeretsa. Ndipo mayi wa zaka za m'ma 30 amene ndi wonenepa kwambiri kapena wodwala shuga, amene amatha miyezi osasamba kenaka n'kusamba milungu iwiri kapena itatu, afunse dokotala ngati sipakufunika kutengako kanyama ka m'kati mwa chiberekero kuti kakayezedwe, ngakhale sikani itapanda kuonetsa chotupa.